Nyemba zolipidwa m'marandi, ngongole za m'madola: nkhani ya kampani ina ya ku Ulongwe

Kampani yomwe lipotili likufotokoza ili ku Ulongwe m'boma la Angoniya ku Mozambiki, ndipo amaiyendetsa ndi mayi wina pamodzi ndi mlongo wawo wamng'ono. Ntchito yawo ndi yogula nyemba za kholophethe kwa alimi a ku Angoniya, Tsangano ndi Makanga, kuzipeta ndi kuzisankha pa makina, kuzithira mankhwala a anankafumbwe, kenaka kuzitumiza ku Joni kwa wogula mmodzi amene akhala naye zaka zingapo. Thiraki imodzi imanyamula matani 30, ndipo imadutsa ku Tete, Kuchamano, Harare ndi Beitbridge. Ziwerengero zonse za kampaniyi ndazizungulitsa kuti masamu aoneke bwino.

Chizindikiro choyamba

Kumapeto kwa Juni 2023 mayiwo anabwera kwa ife olangiza ndi mabuku awo ali ndi funso limodzi. Nyemba zonse zinapita, wogula sanabweze ngakhale thumba limodzi, analipira zonse, koma ndalama zogulira soya panalibe. Iwo ankakayikira kuti wina mwa ogula a kumidzi wawabera pa sikelo. Tinayerekeza malisiti a m'midzi ndi zomwe zinalowa m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo kusiyana kwake kunali kwa masiku onse, kwa fumbi, miyala ndi chinyezi. Wakuba panalibe.

Vuto linali pa mapepala a ku banki. Mgwirizano wa matani 120 anausaina kumayambiriro kwa Febuluwale pa mtengo wa marandi 22,000 pa tani, zonse pamodzi marandi 2,640,000. Nthawi imeneyo randi imodzi inkasinthidwa pa mametikali, ndalama ya ku Mozambiki, pafupifupi 3.70, choncho mayiwo ankayembekezera mametikali 9,768,000. Koma wogula ankalipira patatha masiku 30 katundu atafika, ndiye ndalama zambiri zinalowa kuyambira pakati pa Meyi mpaka mu Juni. Imeneyi ndi nyengo yomwe randi inagwa kwambiri, kuchoka pa marandi pafupifupi 17 pa dola mu Januwale kufika pafupi ndi 20 kumapeto kwa Meyi. Malipiro onse titawaphatikiza, kampaniyi inasintha marandi ake pa 3.30, ndi kulandira mametikali 8,712,000. Ndalama zoposa miliyoni imodzi zinasowa popanda munthu kuzikhudza.

Kumbali ya zowonongedwa, palibe chimene chinatsika pamodzi ndi randi. Alimi analipidwa mametikali 6,400,000 pa matani 128, chifukwa matani 8 amatuluka posankha. Aganyu, lendi, mayendedwe a m'midzi ndi mapepala a kasitomu zinadya mametikali 700,000. Panalinso madola 28,000: mwini mathiraki wa ku Zimbabwe ankalipiritsa madola 4,200 pa ulendo, maulendo anayi ndi madola 16,800, ngongole ya makina osankhira nyemba inkafuna madola 9,000 chaka chimenecho, matumba ndi mankhwala madola 2,200. Pa mametikali 64 pa dola, zimenezi ndi mametikali 1,792,000. Zonse pamodzi 8,892,000. Phindu la 876,000 lomwe ankaliyembekezera linasanduka kuluza kwa 180,000.

Chifukwa chake sanazione

Kuyambira pakati pa 2021, metikali yakhala pafupifupi pamalo amodzi poyerekeza ndi dola, pakati pa 63 ndi 64. Amalonda ambiri kuno anazolowera zimenezi mpaka anayamba kuganiza kuti ndalama zakunja sizisuntha. Koma poti metikali ikuyenda limodzi ndi dola, randi ikagwa poyerekeza ndi dola imagwanso chimodzimodzi poyerekeza ndi metikali. Kampaniyi inkalandira ndalama imene imasuntha, nkumalipira m'ndalama ziwiri zomwe zinaima pamodzi. Marandi onse 2,640,000 anali pambalambanda kuyambira tsiku losaina mpaka tsiku losintha, kwa thiraki yomaliza miyezi yoposa inayi. Randi ikasuntha ndi masentavo 10 okha, phindu linkasintha ndi mametikali 264,000.

Panalinso kutaya kwina kochepa koma kosalephera. Banki imagula ndalama yakunja pa mtengo wotsika nkuigulitsa pa mtengo wokwera, ndipo kusiyana kwake kumakhala pafupifupi 2 peresenti. Kuti alipire mathiraki, mayiwo ankagulitsa marandi nkulandira mametikali, kenaka kugula madola ndi mametikali omwewo, kuluza pang'ono pa khomo lililonse.

Chida chomwe tinayamba nacho chinali kope wamba la ana asukulu. Tsamba lililonse ndi la ndalama imodzi: la randi, la dola, la kwacha. Mzere uliwonse ndi sabata, kumanzere zolowa, kumanja zotuluka, ndipo kumapeto chotsala. Mabuku a kampaniyi onse ankalembedwa m'mametikali, zomwe n'zoyenera pa nkhani ya msonkho, koma zimabisa chinthu chenicheni chimene tinkafuna kuona. Titalemba za 2023 motere, tsamba la randi linadzaza kumanzere kokha, la dola kumanja kokha. Mlongo wawo uja atayang'ana masamba awiriwo anangoti, "Achemwali, ndiye kuti ife timakolola munda wina, nkumalipira lendi ya munda wina."

Zomwe malamulo amalola

Tisanasinthe chilichonse tinayenera kudziwa malire, chifukwa njira zina zooneka zophweka n'zoletsedwa. Katundu wotuluka m'dziko amalembetsedwa kudzera ku banki pa chikalata chotchedwa Termo de Compromisso, ndipo ndalama zake ziyenera kubwera kuno kudzera ku banki yomweyo pasanathe masiku 90 katundu atatumizidwa. Wogula wa ku Joni anali wokonzeka kumalipira yekha mwini mathiraki ndi wogulitsa matumba, nkumatumiza chotsala. Tinakana. Ndalama yofika ikachepera pa yomwe inalembedwa pa chikalatacho, chikalata sichitsekeka, ndipo katundu wotsatira amavuta kutulutsa. Kufananitsa, komwe ndi kulipira mabilu akunja ndi ndalama ya mtundu womwewo imene yalowa, kuyenera kuchitikira mu akaunti ya marandi ya kampaniyo m'banki ya kuno: marandi alowe onse, kenaka atuluke polipira ndi mapepala ake.

Malire achiwiri ndi akuti gawo lina la ndalama zochokera ku katundu wogulitsidwa kunja liyenera kusinthidwa kukhala mametikali. Nthawi imeneyo gawolo linali 30 peresenti, kutanthauza kuti zosungika m'marandi sizikanaposa 70 peresenti. Achitatu ndi akuti malonda a pakati pa anthu okhala m'dziko muno amalipiridwa m'mametikali. Sungauze mwini mathiraki wa ku Tete kapena mlimi wa ku Domwe kuti alandire marandi. Chotero ndalama zokhazo zopita kwa anthu akunja ndi zomwe zingasamutsidwire ku randi, ndipo pa kampaniyi zinali gawo limodzi mwa magawo asanu a zowonongedwa zonse. Ndinawauza mayiwo poyera kuti kufananitsa sikudzaphimba zonse, chifukwa ndalama yaikulu imapita kwa alimi.

Zomwe zinasankhidwa pokonzekera 2024

Mgwirizano watsopano unali wa mathiraki anayi pa marandi 24,000 pa tani, kutanthauza marandi 720,000 pa thiraki, onse pamodzi 2,880,000.

Chosavuta chinali mayendedwe. Mathiraki ambiri a ku Joni amabweretsa katundu ku Tete, ku Mowatize ndi ku Malawi, ndipo pobwerera amafuna katundu woti asapite opanda kanthu. Anapezeka mmodzi amene anavomera marandi 76,000 pa ulendo. Mtengowo sunasiyane kwenikweni ndi madola 4,200 aja, ndipo cholinga sichinali kutsitsa mtengo. Cholinga chinali chakuti randi ikagwa, mtengo wa thiraki m'mametikali ugwe nawo. Chomwe tinalimbirapo kwambiri ndi tsiku lolipira. Wogula nyemba anavomera kumalipira patatha masiku 14 katundu atafika, m'malo mwa 30, choncho mwini mathiraki tinamupempha masiku 21. Akanaumirira kulandira theka pokweza katundu, kampani ikanayenera kugula marandi ku banki isanalandire ake, ndipo kufananitsako kukanangokhala kwa papepala. Matumba ndi mankhwala anayamba kugulidwanso ku Joni, marandi 46,000, pa ngongole ya masiku 60.

Chachiwiri, chomwe ndimachiona chachikulu pa zonse, chinali chikole. Wogula anavomera kupereka 30 peresenti ya mtengo wa thiraki iliyonse, marandi 216,000, pa sabata yomwe mtengo wa thirakiyo watsimikizidwa. Ndalamayi inkasinthidwa yonse nthawi yomweyo nkupita kukagula nyemba. Chikole chotere ndi ngongole ya m'marandi yomwe imabwezedwa ndi nyemba. Randi ikagwa mawa, kampani siluza kanthu pa gawo limenelo chifukwa inasintha kale pa mtengo womwe inawerengera phindu. Wogula sanachite zimenezi mwaulere. Anachotsa marandi 400 pa tani, omwe pa matani 120 ndi marandi 48,000. Mayiwo anadandaula nazo, koma titayerekeza ndi chiwongoladzanja cha ngongole ya mametikali yomwe ankatenga chaka chilichonse pogulira nyemba, chikole chinali chotchipa.

Wogula ankafuna kupereka chikole cha mathiraki onse anayi kamodzi mu Malichi. Tinasankha kuti chizibwera pa thiraki iliyonse payokha, pasadakhale masabata awiri, nyemba zambiri za thirakiyo zitaoneka kale m'nyumba yosungira kapena m'manja mwa ogula a kumidzi. Chifukwa chake n'chakuti chikole cha nyemba zomwe sizinapezeke chimabwezedwa m'marandi enieni, ogula ku banki pa mtengo wa tsikulo. Njira yomweyi inafupikitsanso nthawi yodikira. Kuchokera potsimikiza mtengo mpaka polandira ndalama yomaliza panatsala masiku pafupifupi 35.

Chachitatu chinali kupanga dala chowonongera marandi. Mlongo uja anali kale ndi kashopu ka zipangizo za ulimi, ndipo katundu wake ankapikula ku Tete m'mametikali: masipuleya, mbewu za ndiwo zamasamba, malona oyanikira mbewu. Zambiri mwa zimenezi zimachokera ku Joni komweko. Atayamba kuitanitsa yekha, kampani inakhala ndi bilu ya marandi yolipira ndi marandi a nyemba, ndipo katunduyo amagulitsidwa m'mametikali. Randi ikagwa, nyemba zimabweretsa mametikali ochepa, koma masipuleya amafika motchipa pomwe mtengo wa pa shelefu sunasinthe. Apa ndichenjeze anzanga a ntchitoyi. Njirayi inagwira chifukwa shopuyo inalipo kale ndi makasitomala ake. Kuyambitsa bizinesi yatsopano n'cholinga chongopeza powonongera ndalama yakunja ndi kusinthanitsa vuto lomwe ukulidziwa ndi lina lomwe sulidziwa.

Kukula kwa oda imeneyi ndi komwe tinakhalirapo nthawi yaitali. Mlongoyo ankafuna katundu wa marandi 900,000. Ife tinafunsa kuti, nanga zokolola zikavuta nkupita mathiraki awiri okha? Pa mathiraki awiri, chotsala chikole chitachotsedwa ndi marandi 1,008,000. Tinawerengera malipiro aliwonse paokha, ndiye zosungika, pa 70 peresenti, ndi marandi 705,600. Pochotsapo maulendo awiri, 152,000, ndi matumba, 46,000, pankatsala marandi 507,600. Oda inaikidwa pa marandi 500,000, yolipira pa 20 Seputembala kuti katundu afike mvula isanayambe. Bilu ya ndalama yakunja imakhala yotsimikizika kuyambira tsiku losaina, pomwe ndalama yolowa imadalira mvula, anankafumbwe ndi maso a wogula, choncho muyezo uyenera kukhala nyengo yoipa.

Panatsala madola 9,000 omaliza a makina. Ena akanati asiyidwe, poti dola ndi metikali sizikusuntha. Koma mu 2016 metikali inagwa kuchoka pa 45 kufika kupitirira 75 pa dola m'chaka chimodzi, ndipo mu 2021 inakwera kuchoka pa 75 kufika pafupi ndi 55 m'miyezi iwiri yokha isanabwerere ku 63. Komanso madola anali atayamba kuvuta kupeza m'mabanki. Tinapeza wogula wa ku Harare amene anatenga matani 13 pa madola 1,000 pa tani, kudzanyamula yekha ku Ulongwe. Matani 13 sitinangowatchula. Pa madola 13,000, zosungika ndi 9,100, zokwanira ngongoleyo. Akanagulitsa matani 9 poganiza kuti madola 9,000 akwana, akanasunga 6,300 okha.

Pa dongosolo lonseli, mwa marandi 2,880,000, chikole chinali 864,000, maulendo ndi matumba 350,000, oda ya shopu 500,000. Otsala pambalambanda anali 1,166,000, pafupifupi 40 peresenti, ndiponso kwa masabata asanu okha pa thiraki iliyonse.

Tsamba la kwacha silinafune nzeru zambiri. Nyemba zosweka ndi zamakwinya zinkagulidwa ndi mavenda ochokera ku Dedza kudzera ku Kalomwe, ena mwa iwo pa ngongole yowerengedwa m'makwacha. Pa 9 Novembala 2023 dziko la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo ngongole zomwe zinali panja zinafota. Kampaniyi inalibe chilichonse chomwe imalipira m'makwacha, choncho panalibe chofananitsa nacho. Kuyambira pamenepo mtengo ndi wa m'mametikali, ndipo katundu amatuluka ndalama italowa.

Pomwe zinakhota mu 2024

Mvula ya 2023 mpaka 2024 inavuta, ndipo nyemba zabwino zinachepa. Anadzaza mathiraki atatu okha. Apa zosankha ziwiri zija zinaonetsa ntchito yake. Panalibe chikole cha thiraki yachinayi choti abweze, ndipo marandi osungika anakwanira maulendo atatu, matumba ndi oda ya shopu popanda kugula ngakhale randi imodzi. Pofika kumapeto kwa Juni mu akaunti munatsala marandi 500,000, odikira pa 20 Seputembala.

Kumayambiriro kwa Julayi mtengo wa soya unaoneka kuti ukwera, ndipo mametikali anali atatha. Mayiwo anaona ndalama itangokhala mu akaunti miyezi iwiri ndi theka, nkuganiza zoigwiritsa ntchito kaye. Anasintha marandi onse 500,000 pa 3.45, kulandira mametikali 1,725,000, kugula soya, ndipo kumapeto kwa Ogasiti anamugulitsa ndi phindu la mametikali 110,000. Titakumana ananena moona mtima kuti, "Ndimati ndingobwereka pang'ono, ndibweza nthawi isanakwane." Maganizo amenewa si achilendo. Aliyense wochita geni anaphunzira kuti ndalama yogona ndi yotayika. Koma marandi amenewa sanali ogona. Anali kale ndi mwini wake, ndipo ntchito yawo inali yomweyo yodikira.

Zinthu ziwiri zinachitika. Randi inakwera, kufika pafupi ndi marandi 17 pa dola chakumapeto kwa Seputembala. Ndipo pempho logula marandi ku banki linalowa pamzere, chifukwa ndalama zakunja zinali zosowa ndipo oitanitsa katundu ambiri ankadikira. Amene ali ndi marandi ake mu akaunti amangolamula kuti alipidwe atapereka mapepala. Amene wawagulitsa amabwerera kumbuyo kwa mzere ngati wina aliyense. Padadutsa masabata asanu. Marandi anapezeka kumapeto kwa Okutobala pa 3.70, kutanthauza mametikali 1,850,000. Kusiyana ndi zomwe analandira mu Julayi ndi 125,000, kuposa phindu lonse la soya.

Kuluza kwa 15,000 kumeneko sikunali kwakukulu. Chopweteka chinali nthawi. Wogulitsa wa ku Joni sanatumize katundu asanalandire ndalama, ndiye katunduyo anafika pakati pa Novembala, alimi ambiri atagula kale kwina. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linagonera chaka pa shelefu, ndipo mbewu zina zinagulitsidwa motsitsa masiku ake asanathe. Wogulitsayo anachotsanso mwayi wa ngongole ya masiku 60 pa matumba kwa kanthawi, mpaka anakambirananso mu Januwale.

Ndikayang'ana pomwe dongosolo lathu linali ndi chibowo, ndi pa kutalika kwa nthawi pakati pa Juni ndi Seputembala. Tinafananitsa ndalama ndi kuchuluka kwake, koma tinasiya masabata khumi ndi awiri pakati, nthawi yomwenso msika wa soya umakhala pachimake ndipo mametikali amasowa. Tinayenera kudziwa kuti ndalama yoonekera mu akaunti pa nyengo ngati imeneyo idzakopa dzanja. Sitinawakonzerenso njira ina yopezera mametikali a soya. Munthu amene ukumuuza kuti asakhudze marandi uyenera kumuonetsa komwe atenge ndalama yogwirira ntchito.

Zokonza zinali zitatu. Tsiku lolipira oda ya shopu linasunthidwa kubwera mu Julayi, katundu azifika mu Ogasiti, ngakhale kuti zimenezi zikutanthauza kumusunga miyezi iwiri. Kusintha marandi osungidwa kunayamba kufuna siginecha za onse awiri. Ndipo m'kope muja tinaonjezamo danga lolemba dzina la bilu pafupi ndi ndalama iliyonse yosungidwa, kuti woyang'ana asaone "marandi 500,000" chabe koma "marandi 500,000 a masipuleya, pa 15 Julayi".

Lamulo litasintha mu 2025

Mu Epulo 2025 banki yaikulu ya dziko inakweza gawo loyenera kusinthidwa kuchoka pa 30 kufika pa 50 peresenti. Mtengo wa nyemba pa mgwirizano wa chaka chimenecho unali womwewo wa marandi 24,000, choncho masamu a mathiraki awiri aja tinangowabwereza. Pa marandi 1,008,000, zosungika tsopano ndi 504,000. Pochotsa 198,000 ya maulendo ndi matumba, patsala 306,000. Oda ya shopu inatsitsidwa kufika pa marandi 300,000, ndi mgwirizano wakuti thiraki yachitatu ikangolipidwa adzaonjezera. Mlongoyo anafunsa ngati sangasungeko gawo la chikole kuti oda ikhale yaikulu. N'zotheka, koma randi iliyonse yosungidwa pa chikole ndi nyemba zomwe ziyenera kugulidwa ndi ngongole ya mametikali yachiwongoladzanja chokwera. Tinasiya momwemo.

Mwezi womwewo randi inagwedezeka kwambiri, kufikanso pafupi ndi 20 pa dola kwa masiku ochepa. Thiraki yoyamba inali itapatsidwa mtengo pakati pa Malichi, ndipo chikole chake cha 216,000 chinasinthidwa pa 3.48. Chotsala, marandi 504,000, chinafika chakumapeto kwa Epulo, lamulo latsopano litayamba kale, randi ili pa 3.35. Theka, 252,000, linasinthidwa, ndipo kusiyana kwa masentavo 13 kunadya mametikali 32,760. Theka linalo linatsala m'marandi kudikira mabilu a marandi. Mwa njira ya 2023, marandi onse 720,000 akanasinthidwa pa 3.35 ndipo kuluza kukanakhala 93,600.

Miyezi yotsatira randi inakwera, ndipo apa mbali ina ya njirayi inaonekera. Pa thiraki yachitatu chikole chinasinthidwa pa 3.50, koma pofika tsiku la malipiro omaliza randi inali pa 3.56. Mayiwo anawerengera okha kuti akanadikira akanapeza mametikali ena pafupifupi 13,000 pa chikolecho, komanso thiraki ndi masipuleya zinali zitakwera mtengo m'mametikali. Anali olondola. Kufananitsa kumadula mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo wolangiza amene sananene zimenezi poyamba adzafunsidwa pa chaka chomwe ndalama yakunja yakwera. Ife tinali titazilemba pa tsamba loyamba la kope lija kuyambira 2023, ndi masamu a mbali zonse ziwiri, choncho kukambirana kwake kunali kwachidule.

Chaka cha 2025 mathiraki onse anayi anapita, oda ya shopu inafika pa marandi 550,000 itaonjezeredwa, ndipo kampani sinapemphe kugula ndalama yakunja ku banki ngakhale kamodzi. Ngongole ya makina inatha mu 2024, ndiye tsamba la dola lilibe chotuluka, ndipo malonda a ku Harare anaimitsidwa chifukwa mtengo wake unali wotsikirapo poyerekeza ndi wa ku Joni. Chomwe chatsala chosaphimbika ndi 35 peresenti ya thiraki iliyonse, theka la chotsala lija lomwe lamulo likuti lisinthidwe pa tsiku lomwe lafika, kuphatikizapo marandi osungika omwe alibe bilu yowadikira. Mayiwo anapempha wogula kuti gawo limenelo lizilembedwa m'madola. Wogulayo wakana, ponena kuti iye amagulitsa nyembazo m'marandi ndipo sakufuna kusenza vuto lomwelo kumbali yake. Wavomera kukambirana zokweza chikole kufika pa 40 peresenti ngati achotsa marandi 550 pa tani m'malo mwa 400, ndipo masamu ake tikuwayerekeza ndi chiwongoladzanja chomwe banki itchule pa ngongole yogulira nyemba ya nyengo ikubwerayi.